Mtsinje ukamaphwa, m'nthaka mwatsala madzi ochuluka bwanji?

Mvula ikalekeza kumapeto kwa Epulo, mitsinje ya kuno ku Nkhotakota siiphwa tsiku lomwelo. Bua, amene amachokera kutali ku Mchinji n'kudutsa m'chigwa cha Kasungu ndi m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, amapitiriza kuthira m'nyanja miyezi yambiri kumwamba kuli mbee. Kaombe nayenso amayendabe, Lifuliza amatsikirabe ku Chia, ndipo timitsinje tating'ono todutsa m'makalavati a msewu wa M5 timakhalabe tikuchucha. Madzi amenewa salinso a kumwamba. Ndi amene nthaka ndi madambo zinamwa m'dzinja, ndipo tsopano zikuwalavula pang'onopang'ono. M'Meyi amatuluka mwamphamvu, m'Julayi mphamvu ija yatsika, pofika Okutobala mwana amawoloka osanyowa mawondo. Funso limene limandigwira mtima chaka chilichonse ndi lakuti: tikanati tiwunjike madzi onse amene kamtsinje kadzatulutse kuyambira lero mpaka kalekale, mvula osabweranso, muluwo ungakhale ndi malire?

Munthu aliyense wanzeru ayankha kuti inde, chifukwa nthaka si nyanja yopanda pansi. Ine ndimavomereza. Koma masamu amene timalembera kuchepa kwa madziwo savomereza nthawi zonse, ndipo pamene masamu akukana chimene maso akudziwa m'pamene pali phunziro. Ndine mphunzitsi wa masamu, ndipo mutu umenewu wa kalikulasi, wa integiralo yopita kopanda malekezero, ndinayamba kuukonda nditaona kuti ukukamba za kamtsinje kamene anthu akwathu amathirira madimba.

Tiyambe ndi tanthauzo. Ngati Q(t) ndi madzi odutsa pa tsiku t, madzi onse odutsa kuyambira pachiyambi mpaka tsiku T ndi integiralo ya Q kuchokera pa 0 kufika pa T. Pamenepo palibe chachilendo, ndi kuwonkhetsa chabe. Chachilendo chimabwera tikalemba chizindikiro cha ∞ pamalo pa T. Palibe tsiku lotchedwa ∞, ndiye sitingalilowetse mu fomula ngati nambala. Chimene timachita n'chakuti timawonkhetsa mpaka T, kenako timakankhira T kutsogolo, kutsogolobe, n'kumayang'ana yankho. Likamayandikira nambala imodzi n'kukhala pomwepo, tinena kuti integiralo yakhazikika. Likamangokula kudutsa nambala iliyonse imene tingatchule, tinena kuti yasefukira. Nkhani yonse yagona pa kusiyanitsa ziwirizi.

Ophunzira ambiri akamva izi amafulumira kunena kuti bola madziwo akhale akuchepa kulowera ku ziro, zonse zikhazikika. Maganizo amenewa ndi achibadwa, ndipo ndi olakwika. Kuchepa kokha sikokwanira. Chofunika ndi liwiro la kuchepako.

Tiyeni titenge timitsinje tiwiri tongoyerekeza, manambala ake ndawasankha kuti asavute kuwerengera. Tonse tiwiri pa 1 Meyi tikutulutsa malita 100 pa sekondi, omwe ndi makiyubiki mita 8,640 pa tsiku, kapena 259,200 pa mwezi wa masiku 30 madziwo akanapanda kuchepa. Nthawi tiziiwerenga m'miyezi ndi chilembo x, poyambira pa x = 1. Ndiye kuti chiyambi cha Meyi ndi 1, cha Juni ndi 2, cha Ogasiti ndi 4, cha Disembala ndi 8. Kamtsinje koyamba kakutsata 100/x², kachiwiri kakutsata 100/x. Koyamba pa 1 Juni katsika kufika malita 25, pa 1 Ogasiti 6.25, pa 1 Disembala pang'ono kuposa lita imodzi ndi theka. Kachiwiri pa masiku omwewo kali pa 50, 25 ndi 12.5. Tonse tikuphwa, tonse tikulowera ku ziro, ndipo munthu woima pa mlatho angangonena kuti kena kakuphwa msanga kuposa kanzake.

Tsopano tidule nthawi m'magawo oti lililonse litalike kawiri kuposa lapambuyo pake: mwezi umodzi wa Meyi, miyezi iwiri ya Juni ndi Julayi, miyezi inayi kuyambira Ogasiti mpaka Novembala, kenako isanu ndi itatu, ndi kupitirira choncho. Kamtsinje koyamba m'Meyi katulutsa makiyubiki mita 129,600. M'Juni ndi Julayi katulutsa 64,800. Kuyambira Ogasiti mpaka Novembala katulutsa 32,400. Gawo lililonse likubala theka la linzake, chifukwa ngakhale nthawi yatalika kawiri, madzi achepa kanayi. Theka, kuwonjeza theka la theka, kuwonjeza theka la pamenepo, zonsezo sizidzadutsa chinthu chimodzi chathunthu. Madzi onse a kamtsinje aka, ngakhale titadikira zaka chikwi, ndi makiyubiki mita 259,200 basi, ndipo pofika Disembala magawo 7 mwa 8 atuluka kale.

Kachiwiri kaja kakuchita zina. M'Meyi katulutsa pafupifupi 180,000. M'Juni ndi Julayi madzi achepa kawiri koma nthawi yatalika kawiri, ndiye katulutsanso pafupifupi 180,000. Kuyambira Ogasiti mpaka Novembala chimodzimodzi. Gawo lililonse lotsatira likubweretsa mulu wofanana ndi woyamba, ndipo magawowo satha. Tchulani nambala iliyonse, mamiliyoni kapena mabiliyoni, kamtsinje aka papepala kadzaidutsa. Kadzachedwa kwambiri, poti integiralo ya 1/x kuchokera pa 1 kufika pa T ndi ln T, ndipo logarizimu imakwera mwaulesi, koma siima. Njira yodula m'magawo owirikiza kawiri ndi yakale. Nicole Oresme wa ku France anaigwiritsa ntchito cha m'ma 1350 posonyeza kuti 1 + 1/2 + 1/3 + 1/4 + … ilibe malire, kalikulasi isanabadwe n'komwe.

Zimene taona pa timitsinje tiwiriti zikukwanira banja lonse la mafankishoni a mtundu wa 1/x^p. Nthawi ikawirikiza kawiri, madzi amachepa ndi 2^p, kutalika kwa gawo kumawirikiza ndi 2, ndiye gawo latsopano limakhala 2^(1−p) kuchulukitsa lakale. Ngati p aposa 1, nambala imeneyi ndi yochepera 1, magawo amanka nafota, ndipo integiralo imakhazikika. Kuwerengera mwachindunji kumapereka yankho lenileni:

∫₁^∞ 1/x^p dx = 1/(p − 1), ngati p > 1

Ngati p ndi 1 kapena kuchepera apo, magawo safota, ndipo integiralo imasefukira. Malire ali pa 1 ndendende, ndipo 1 mwiniwakeyo ali ku mbali yosefukira. Mfundo imodzi imeneyi ndiyo muyezo umene timayezera zina zonse.

Timafunika muyezo chifukwa mafankishoni ambiri a m'moyo weniweni sakhala osalala ngati 1/x². Ambiri sitingathe n'komwe kuwapezera integiralo yolembeka ndi fomula. Kamtsinje kodutsa m'mitengo, mwachitsanzo, m'nyengo yotentha kamatsika masana mitengo ikamamwa ndipo kamakwerako usiku. Tiyerekeze kuti kugwedezeka kotere takulemba ngati (2 + sin x)/x². Mungatuluke thukuta kufuna integiralo yake ndi njira za m'kalasi, simuipeza. Koma sin x sadutsa 1 ndipo satsika kupyola −1, ndiye pamwamba pa fulakishoniyo pamakhala pakati pa 1 ndi 3. Fankishoni yathu yatsekeredwa pakati pa 1/x² ndi 3/x². Integiralo ya 3/x² kuchokera pa 1 ndi 3, ndipo chinthu chosatsika pansi pa ziro, chimene chikungowunjikana koma chili pansi pa denga la 3, sichingachitire mwina koma kukhazikika. Tadziwanso kuti yankho lili pakati pa 1 ndi 3 popanda kuliwerengera. Ine ndimaona kuti kumeneku ndiko kukongola kwa njirayi: tayankha funso lakuti kodi pali malire tisanayankhe lakuti malirewo ndi angati.

Lamulo lake lili ndi mbali ziwiri zokha, ndipo limafuna kuti mafankishoni onse awiri asakhale pansi pa ziro. Yaikulu ikakhazikika, yaing'ono nayo yakhazikika. Yaing'ono ikasefukira, yaikulu nayo yasefukira. Asodzi a ku Chia amadziwa zimenezi pa mlatho wa pa M5: boti lalikulu likadutsa pansi pake, bwato laling'ono lidutsa, laling'ono likakanika, lalikulu lisayese n'komwe. Koma lalikulu likakanika simunadziwe kanthu za laling'ono, ndipo laling'ono likadutsa simunadziwe kanthu za lalikulu.

Mbali ziwiri zosanena kanthuzo m'pamene ophunzira amagwera. Tengani 1/(x + √x). Wophunzira amaona kuti pansi pa fulakishoni pakula kuposa x, ndiye fankishoniyi ndi yocheperapo kuposa 1/x, n'kulemba kuti poti 1/x imasefukira, iyinso imasefukira. Wina amalemba kuti poti ndi yocheperapo, ikhazikika. Onse awiri sanatsimikize kanthu, ngakhale woyambayo wagwera pa yankho loona mwamwayi. Kukhala wocheperapo kuposa chinthu chopanda malire sikukuuza kalikonse, pakuti 1/x² nayonso ndi yocheperapo kuposa 1/x. Njira yoyenera ndi kufunafuna chosefukira chimene chili pansi pake. Kuyambira pa x = 1, √x saposa x, ndiye x + √x saposa 2x, ndipo fankishoni yathu siichepera 1/(2x). Theka la chinthu chopanda malire ndi chopandabe malire. Apo ndiye tatsimikiza kuti yasefukira.

Ndisanalembe chilichonse ndimayamba ndadzifunsa kuti x akakula kwambiri, ndani akulamulira pamwamba ndipo ndani akulamulira pansi. Pa (3x + 5)/(x³ + x + 1), pamwamba pakulamulira 3x, pansi x³, ndiye kutali fankishoniyi ikufanana ndi 3/x², p wake ndi 2, ndipo ndikuyembekeza kukhazikika. Ndikadziwa chimene ndikuyembekeza ndimadziwanso mbali yofunafuna: denga lokhazikika ngati ndikuganiza kuti ikhazikika, maziko osefukira ngati ndikuganiza kuti isefukira. Pano 3x + 5 saposa 8x kuyambira pa x = 1, ndipo pansi sipachepera x³, ndiye denga ndi 8/x². Nambala 8 ndi yokokomeza, koma zilibe kanthu, chifukwa kuchulukitsa ndi nambala yokhazikika sikusintha chigamulo. Sizikusinthanso zimene fankishoni ikuchita koyambirira, bola isathawire kumwamba pamenepo. Miyezi yoyamba ili ndi madzi owerengeka, kaya ndi ambiri chotani. Mlandu wonse umaweruzidwa kumchira.

Mafomula awa a timitsinje sindinawatole m'mutu. Mu 1904 Joseph Boussinesq, katswiri wa masamu wa ku France, anawerengera mmene nthaka yokhala pa thanthwe lathyathyathya imakhetsera madzi ake mu mtsinje mvula ikasiya, ndipo anapeza kuti patapita nthawi madziwo amatsata Q₀/(1 + at)². Ameneyu ndi kamtsinje kathu koyamba kaja, p = 2. Mu 1905 Edmond Maillet anagwiritsa ntchito fomula ina, Q₀e^(−kt), imene akatswiri a zamadzi amaikondabe. Nayonso muyezo wathu umaigwira mosavuta: e^x amaposa x² pa x aliyense woposa ziro, ndiye e^(−x) ali pansi pa 1/x², ndipo integiralo yake imakhazikika. Mafomula onse awiri akugwirizana ndi nzeru ya munthu wamba yakuti nthaka imasunga madzi owerengeka.

Koma pali fomula yachitatu yochokera m'masamu omwewo a madzi a pansi pa nthaka, ndipo ndi imene imandichititsa chidwi koposa. M'masiku oyambirira mvula itangosiya, nthaka ikadali yokhuta, madzi olowa mu mtsinje amatsata 1/√t, ndiye kuti p ndi theka. Integiralo ya 1/√x kuchokera pa 1 kufika pa T ndi 2√T − 2, ndipo imeneyi imasefukira mwamphamvu kuposa logarizimu. Fomula yochokera ku sayansi yolondola ikulonjeza madzi opanda malire. Zatheka bwanji? Poipeza fomulayi, owerengera amayerekeza kuti nthaka yodyetsa mtsinjewo ndi yotambalala mpaka kalekale. Koyambirira kuyerekeza kumeneku sikuvulaza, chifukwa madzi akutsika m'mphepete mwa mtsinje mokha, ndipo nthaka ya kumtunda pa chitunda sinamve kuti kumunsi kukukhetsedwa. Kutsikako kukafika pa chitunda, pamene madzi amagawikana kupita ku mtsinje wina, nthaka ilibenso kwina kotapa, fomula ya 1/√t imasiya kugwira ntchito ndipo ya Boussinesq imatenga malo. Kusefukira kwa integiralo sikunaname. Kwangobweza chimene tinaikamo: tinayerekeza nkhokwe yopanda malire, tapeza madzi opanda malire. Choncho ndikaona fomula ya chinthu chowerengeka ikusefukira, sindikaikira mtsinje. Ndimadziwa kuti fomulayo yatengedwa kupita kumene siinapangidwire, ndipo kwinakwake kutsogolo iyenera kusintha.

Tsiku lina m'Ogasiti, mwera ukuwomba, ndinali pa kamtsinje kena kumwera kwa boma ndi mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa, yemwe tsopano ali ku yunivesite. Tinasankha pamene madzi akuyenda mowongoka, tinayeza mamita asanu ndi chingwe, tinayeza m'lifupi ndi kuya kwake ndi ndodo pamalo atatu, kenako tinaponya chitsononkho n'kuwerenga masekondi pa foni. M'lifupi kuchulukitsa kuya kuchulukitsa liwiro, n'kuchotsako pafupifupi gawo limodzi mwa asanu chifukwa madzi a pamwamba amathamanga kuposa a pansi. Chitsononkho china chinakodwa pa bango, china chinazungulira pa kadziwe kasanapitirire. Agogo ena aamuna amene anali kuthirira mpiru ndi makeni awiri anatiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati: "Aphunzitsi, mukuyeza madzi ngati nsalu? Ndiye tiuzeni, atifikitsa ku mvula amenewa?" Ndinati, "Agogo, kuyeza kwa lero lokha sikunganene. Tibwerenso miyezi ikubwerayi tione mmene akutsikira." Iwo anaseka n'kuloza mchenga wa pakati pa mtsinje, nati chaka chouma amakumba pamenepo mpaka m'chiuno ndipo madzi amawapeza.

Mawu awo ndi chitsononkho chokodwa chija zikuonetsa malire a njirayi ikatuluka m'kalasi. Kuyeza p kumunda n'kosavuta kufotokoza: dikirani kuti nthawi iwirikize kawiri, muone madzi atsala angati pa 100 alionse. Akatsala 25, p ndi 2. Akatsala 50, p ndi 1. Vuto lili pafupi ndi malire aja. Ngati p ndi 1.2, atsala pafupifupi 44. Ngati p ndi 1.1, atsala pafupifupi 47. Chingwe, ndodo ndi chitsononkho sizingasiyanitse 44, 47 ndi 50. Komatu 1/(p − 1) pa manambala atatuwa ndi 5, 10, ndi kusefukira. Pa kamtsinje koyamba ndi malita 100, zimenezi zikutanthauza makiyubiki mita 1,296,000, kapena 2,592,000, kapena opanda malire. Kuphonya pang'ono pa kuyeza kukuwirikiza nkhokwe kawiri. Ndiponso pa p = 1.1, pofika Disembala madzi amene atuluka sakwana gawo limodzi mwa asanu a chiwonkhetso chonse. Ena onsewo ali mu mchira umene palibe adzauone, poti mvula idzabwera n'kuyambitsa nkhani ina. Integiralo yotere papepala yakhazikika, koma ine sindingamange sikimu ya mthirira podalira yankho lake.

Palinso vuto la poyambira. Ine ndaika x = 1 pa 1 Meyi ngati kuti mtsinje unandiuza, koma mvula siilekeza tsiku limodzi m'dera lonse, ndipo nambala a ya mu fomula ya Boussinesq siidziwika tisanayeze. Mukasuntha poyambira, p amene mumupeze kuchokera ku miyezi yoyamba amasunthanso. Wilfried Brutsaert ndi John Nieber mu 1977, pophunzira mitsinje ya dera la Finger Lakes ku New York, analambalala vutoli mwanzeru. Anasiya kufunsa kuti lero ndi tsiku lachingati, n'kuyamba kuyerekeza kutsika kwa madzi pa tsiku ndi kuchuluka kwa madzi a tsiku lomwelo: −dQ/dt = aQ^b. Kalendala yachokamo. Pawa b amalumikizana ndi p wathu mwa p = 1/(b − 1), ndiye b = 3/2 ndi Boussinesq, b = 3 ndi masiku oyambirira aja, ndipo malire a kukhazikika ali pa b = 2. Munthu akayeza mtsinje n'kupeza b woposa 2, adziwe kuti chimene wayezacho sichingapitirire choncho mpaka kalekale.

Mchira umabisanso zinthu. Tiyerekeze kuti kamtsinje kali ndi magwero awiri, dambo lokhetsa msanga ndi kasupe wofooka wochokera pansi kwambiri, ndipo tazilemba ngati 1/x² + 1/(100x). M'chilimwe chonse gawo lachiwirilo ndi losaoneka: pa x = 8 likadali lochepera gawo limodzi mwa khumi la loyamba. Limayamba kuposa linzake x akadutsa 100, zomwe ndi zaka zoposa zisanu ndi zitatu popanda mvula. Komabe chigamulo cha masamu ndi chakuti integiralo yonse imasefukira, chifukwa siichepera 1/(100x). Chochepa mochedwa ndicho chimalamula, kaya chiyambe chaching'ono bwanji. Kwa wolemba mayeso, yankho ndi limenelo. Kwa mlimi wa pa dimba, gawo limenelo silimukhudza. Ndimakonda kuti ophunzira agwire zonse ziwiri nthawi imodzi, adziwe funso limene integiralo yopita ku ∞ ikuyankha, ndi limene sikuyankha.

Mtsikana uja pobwerera anandifunsa ngati muyezo wa mapawa umagwira fankishoni iliyonse. Sugwira. Pakati pa 1/x ndi mafankishoni onse a 1/x^p okhala ndi p woposa 1 pali mpata wopyapyala, ndipo muli zinthu. Chitsanzo ndi 1/(x ln x) kuyambira pa x = 3. Ndi yocheperapo kuposa 1/x, ndiye mbali imeneyo siitiuza kanthu. Kutali imaposa 1/x^p aliyense wokhazikika, chifukwa logarizimu imakula mochedwa kuposa pawa iliyonse, ndiye mbali inayonso ili chete. Apa pamafunika kuiwerengera mwachindunji, ndipo timapeza ln(ln x), imene imasefukira mwa ulesi woposa wa logarizimu. Ndinamuuza kuti pa mtsinje weniweni sadzakumana nayo, koma adziwe kuti ilipo, kuti asamaganize kuti muyezo ukakhala chete ndiye kuti funso lilibe yankho.

Nanga agogo aja tingawathandize chiyani ndi zonsezi? Apa kuyerekeza kumagwira ntchito yeniyeni. M'Seputembala ndi Okutobala dzuwa limawotcha, mitengo imamwa kwambiri, ndipo akumtunda amapopa madzi ndi mapampu. Zonsezi zimachotsa madzi, palibe chowonjezera. Ndiye ngati kuyeza kwa Meyi mpaka Julayi kwasonyeza kamtsinje kotsata 100/x², mzere umenewo ndi denga la miyezi yotsalayo, osati lonjezo. Madzi enieni adzakhala pansi pake, kupatula mvula itawaza. Kuyambira 1 Ogasiti, zonse zimene nthaka ingatulutse siziposa makiyubiki mita 64,800, ndipo zotuluka Disembala asanafike siziposa 32,400. Pali njira yachidule yopezera nambala yoyambayo tsiku lililonse: madzi a tsiku limenelo kuchulukitsa masiku a x, kugawa ndi p − 1. Pa 1 Ogasiti malita 6.25 pa sekondi ndi makiyubiki mita 540 pa tsiku, x = 4 ndi masiku 120, ndipo 540 kuchulukitsa 120 ndi 64,800.

Tiyerekeze kuti mbewu za m'dimba nyengo yotentha zikufuna mamilimita 6 pa tsiku, omwe pa hekitala imodzi ndi makiyubiki mita 60. Pa masiku 120 hekitala imodzi imwa 7,200, ndipo 32,400 kugawa ndi 7,200 kukupereka mahekitala anayi ndi theka. Nambala imeneyi ingagwire ntchito pokhapokha pali damu losunga madzi a Ogasiti kuti adzathirire mu Novembala. Popanda damu, madzi a Ogasiti amapita ku nyanja mu Ogasiti momwemo, ndipo cholamula ndi madzi a tsiku louma kwambiri. Kumapeto kwa Novembala denga lija lili pa makiyubiki mita 135 pa tsiku, okwanira mahekitala awiri ndi pang'ono, tisanachotse akumwa, ochapira, a ziweto ndi oti atsale mu mtsinje kwa a kumunsi. Amene akufuna kuthirira kuposa apo ayenera kubzala msanga kuti akolole Okutobala asanathe, kapena akumbe zitsime mumchenga mmene agogo aja analoza, poti madzi oyenda pansi pa mchenga chitsononkho chathu sichinawawerenge.